Kutcha dzina chida chamatsenga kapena nyama ya ngwazi yanu: njira imene ndimatsata

Pafupifupi aliyense amene wangoyamba kumene masewera a nthano zamatsenga amabwera ndi funso lomweli: "Ngwazi yanga yapeza lupanga lamatsenga, ndilitche chiyani?" Wina amafunsa za nkhandwe, wina za kabawi, wina za kavalo. Ndatsogolera masewera a patebulo kwa zaka zingapo, ndipo funsoli ndaliyankha kambirimbiri, choncho ndaganiza zolemba yankho lonse pamalo amodzi.

Ndinene msanga zimene ndimakhulupirira. Dzina labwino silichokera pa mndandanda wa mawu omveka moopsa. Limachokera kwa munthu wa m'nkhanimo amene anatcha dzinalo, tsiku linalake, pa chifukwa chinachake. Mukadziwa munthu ameneyo, dzina limabwera lokha. Mukamudumpha, mudzakhala usiku wonse mukulemba ndi kufufuta.

Mawu angapo tigwirizane kaye. Ndikati ngwazi ndikunena munthu wa m'nkhani amene inu mukumuseweretsa. Wotsogolera ndi amene amafotokoza dziko la nkhaniyo ndi kuweruza zotsatira za dayisi. Pepala la ngwazi ndi pamene mumalemba mphamvu zake, katundu wake ndi mayina. Pa sikirini kapena m'buku la malamulo mudzaona mawu atatu: `familiar` ndi mzimu wotenga thupi la kanyama kakang'ono wotumikira wamatsenga, `mount` ndi nyama yokwera, ndipo `pet` ndi chiweto chongoyenda nanu.

Kuti tisamangolankhula m'malere, titsata ngwazi imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi mayi amene anali mlonda wa pachipata cha mzinda. Usiku wina anaodzera pantchito, adani analowa, mzinda unapsa. Iye anapulumuka ndi zinthu ziwiri: mkondo wa mlonda mnzake amene anafera pomwepo, ndi khwangwala amene anamutola padenga lopserera.

1. Dziwani kuti chida ndi nyama sizitchedwa mofanana

Dzina la nyama ndi loitanira. Mudzalifuula pakati pa nkhondo, mudzalinong'ona pobisala, mudzalitchula mwina kakhumi pa sewero limodzi. Liyenera kukhala lalifupi, la maphatikizo awiri kapena atatu, lotha kutuluka ndi mpweya umodzi.

Dzina la chida si loitanira. Ndi ochepa amene amaitana mkondo. Anthu amachita kulikamba dzinalo: adani amaliopa, okalamba amalikumbukira, mwini wake amalitchula mwa apo ndi apo, pa nthawi yofunika. Choncho likhoza kutalikirapo, maphatikizo anayi kapena asanu, ndipo likhoza kusenza nkhani yolemera. Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri ndi kusinthanitsa ziwirizi: galu apatsidwa dzina lonse la mfumu ya kumidima, pamene lupanga la zaka chikwi lapatsidwa dzina longa la kamwana ka mphaka.

2. Lembani chimene chinthucho chimachita, m'chiganizo chimodzi

Musayambe ndi maonekedwe. Tsegulani malamulo a masewerawo muone mphamvu yeniyeni ya chinthucho, kenaka muilembe m'mawu anuanu.

Mkondo wa mlonda wathu tautenga m'malamulo a 2014 a masewera a patebulo a Dungeons & Dragons, pa chida chotchedwa `Weapon of Warning`. Ntchito yake ndi kuchenjeza: mwini wake ndi anzake amene ali pafupi, mkati mwa mapazi 30, sadzidzimutsidwa ndi adani, ndipo nkhondo ikayamba iwo ali m'tulo, chidacho chimawadzutsa. Chiganizo chathu ndiye ichi: "Mkondo uwu umadzutsa ogona adani akafika." Taonani mmene mphamvuyo yakumanirana ndi bala la mumtima mwa mwini wake. Mayi amene anagona pantchito wanyamula mkondo wosalola munthu kugona. Pamenepa dzina layandikira kale.

Kwa khwangwala, amene tamutenga ngati `familiar`, malamulo omwewo ali ndi mfundo imene ambiri amaiwala. Wamatsenga akabwereza matsenga a `Find Familiar` ali kale ndi mtumiki wake, mzimuwo umasintha thupi: lero khwangwala, mawa mphaka, mkuja kangaude. Mukamutcha Mapiko, dzinalo lidzasanduka bodza tsiku limene adzakhale mphaka. Ngati nyama yanu imasintha thupi, pewani dzina lomangidwa pa chiwalo kapena mtundu wa nyamayo. Funani khalidwe, mtundu wa ubweya kapena nthenga umene mungausunge m'matupi onse, kapena chochitika.

3. Pezani amene anatcha dzinalo, ndi zimene ankadziwa tsikulo

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa. Inu amene mwakhala patebulo si inu wotcha dzina. Wotcha ali m'kati mwa nkhani. Yankhani mafunso atatu, mochita kulemba: anatcha ndani, anatcha liti, ndipo mumtima mwake munali chiyani.

Kwa chida, otcha amakhala amitundu itatu, ndipo aliyense amatcha mosiyana. Wosula amatcha monyadira luso lake, kapena molonjeza zimene chidacho chidzachita, chifukwa pa tsiku lotcha chidacho chimakhala chisanalawe nkhondo. Mayina ake amayang'ana kutsogolo: Mdulamphepo, Mswachishango. Adani amatcha mwamantha, ndipo amatcha zimene anaona ndi maso, nthawi zambiri mosadziwa chinsinsi cha chidacho. Iwo sadziwa kuti mkondo uja umadzutsa ogona. Amangodziwa kuti msasa wa mayi uja sunagwidwepo m'tulo, ndiye angautche Diso la Usiku. Mwini wake amatcha kuchokera pa chikondi, chisoni kapena ngongole ya mumtima, ndipo dzina lake kawirikawiri silimveka kwa anthu akunja mpaka atamva nkhani yake.

Chenjezo lalikulu pano ndi ili: wotcha sangatchule zimene sakuzidziwa. Ndinali ndi wosewera wina amene anatcha lupanga lake Mphanjoka pa sewero loyamba, ponena kuti dzinalo anapereka ndi bambo ake a ngwaziyo, amene anali mlimi wosaonapo chinjoka. Wosewera mnzake anafunsa mwaulemu kuti, "Nanga bambowo anadziwa bwanji?" Panalibe yankho, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene ankalitchula dzinalo. Onse ankangoti "lupanga lija". Dzinalo linali lomveka bwino, koma linalibe mizu.

Tibwerere kwa mlonda wathu. Ndasankha kuti wotcha ndi mwini wakeyo, patapita masiku ochepa mzinda utapsa, asanadziwe n'komwe kuti mkondowo uli ndi matsenga. Mumtima mwake muli manyazi ndi kudziimba mlandu. Ndiye ndimadzifunsa: ndi mawu ati amene akumveka m'mutu mwake usiku uliwonse? Ndimayerekeza mphindi yosinthana ulonda. Mnzake uja akumupatsira nyali, akumugwira paphewa, akunena mawu amodzi asanatsike makwerero: "Usagone." Mawu omaliza amene anamva kwa iye ndi amenewo. Dzina la mkondo ndi limenelo: Usagone.

Onani zimene dzinali likuchita. Silikutchula moto, magazi kapena imfa, komabe aliyense wodziwa nkhaniyo limamulasa. Ndipo tsiku limene mkondowo udzamudzutse koyamba pakati pa usiku, adani ali m'tchire, tebulo lonse lidzamva kuti mnzake wakufayo akadalondabe. Mndandanda wa mayina sungakupatseni zimenezi, chifukwa sudziwa za nyali ndi makwerero aja.

Njira imeneyi si yatsopano. Kavalo wa Alekizanda Wamkulu ankatchedwa Bucephalus, kutanthauza mutu wa ng'ombe m'Chigiriki. Makwangwala awiri a mulungu Odin m'nthano za kumpoto kwa Ulaya ndi Huginn ndi Muninn, mayina amene amamasuliridwa kuti ganizo ndi chikumbukiro, mogwirizana ndi ntchito yawo yozungulira dziko ndi kubwerera kudzamuuza zimene aona. Ife timawamva ngati mawu achilendo okhaokha, koma kwa eni chinenero anali mawu omveka tanthauzo. Musaope dzina lomveka tanthauzo m'chinenero chanu.

Ngati mwakakamira pa mafunso atatu aja, funsani wotsogolera. Chida chimene mwachipeza m'manda akale kapena m'phanga mwina chili kale ndi mbiri m'zolemba zake, ndipo kutcha dzina popanda kumufunsa kungasokoneze chinsinsi chimene wakukonzerani. Njira yabwino ndi kugwirizana kuti chidacho chikhale ndi mayina awiri: lakale, lolembedwa pachitsulo, limene mudzalidziwa mtsogolo, ndi la tsopano, limene ngwazi yanu yapereka. Kuposa awiri kapena atatu anthu amasokonezeka.

4. Umbani dzinalo ndi zida za chinenero

Mukadziwa wotcha ndi mtima wake, lembani mayina asanu kapena asanu ndi limodzi, osapitirira. Chichewa chili ndi njira zokonzeka kale.

Yoyamba ndi kulumikiza mneni ndi dzina, monga mmene mawu akuti mpondamatiki ndi chiphadzuwa anapangidwira. Ikani m- kapena chi- kutsogolo, kenaka mneni, kenaka chochitidwacho: Mdulamphepo, Chimezamoto. Njirayi imayenera zida, makamaka zotchedwa ndi wosula. Vuto lake ndi kutalika, choncho werengani maphatikizo ndi zala, ndipo akapitirira asanu dulani.

Yachiwiri ndi mphatikiram'mbuyo wa kukula. Ka- amachepetsa ndi kukondetsa, chi- amakuza ndi kuopsetsa. Kamphepo ndi dzina la kambalame kaliwiro kapena kampeni kobisa m'malaya, pamene Chimphepo ndi la chilombo chouluka kapena nkhwangwa ya manja awiri. Muzu ndi umodzi, koma womva akudziwa kale kukula kwa chinthucho asanachione.

Yachitatu ndi chiganizo chathunthu chosandutsidwa dzina, ngati Usagone, Sindibwerera, Ndakupeza. Iyi ndi imene ndimaikonda pa zida zotchedwa ndi mwini wake, chifukwa mumamveka liwu la munthu.

Yachinayi ndi mawu oonetsa kachitidwe, monga waliwali, nyezinyezi, phethi. Amayenera nyama zazing'ono zachangu, ndipo amaitanika mosavuta.

Kenaka mverani kulira kwa dzinalo. Mu 1929 katswiri wa maganizo Wolfgang Köhler anaonetsa kuti anthu amagwirizanitsa mawu opanda tanthauzo akuti takete ndi chithunzi chosongoka, ndipo mawu ofewa amawapereka ku chithunzi chobulungira. Mu 2001 Ramachandran ndi Hubbard anabwereza zoterezi ndi mawu akuti kiki ndi bouba. Phindu lake kwa ife ndi losavuta: k, t, th, ts ndi i zimamveka zakuthwa ndi zachangu, pamene m, l, w, b ndi u kapena o zimamveka zofewa kapena zolemera. Kampeni kakhoza kukhala Tsekete, chimbalangondo chofatsa chikhoza kukhala Bumbu. Si lamulo lomanga manja. Kulira kukatsutsana ndi tanthauzo, ine ndimatsata tanthauzo.

5. Yesani dzinalo ndi pakamwa, osati ndi maso

Dzina lokongola papepala limatha kufa tsiku loyamba patebulo. Liyeseni katatu, mokweza mawu: lifuuleni ngati nyamayo ikuthamangira kungozi, linong'oneni ngati mukubisala, kenaka litchuleni mwachisoni ngati yavulala. Likalephera pamodzi mwa patatupa, lisiyeni.

Khwangwala wa mlonda uja atiphunzitsa msampha wina. Popeza anamutola pamoto wozima ndipo ndi wakuda, dzina loyamba limene linandibwerera ndi Khala, khala la moto. Papepala ndi lokoma kwambiri. Tsopano lifuuleni: "Khala, uluka!" Wotsogolera amva chiyani, kuti mbalameyo ikhale kapena iuluke? Dzina la nyama lisafanane ndi lamulo limene mudzaipatsa, monga khala, bwera, gwira, thawa, ima. Pa chida vutoli ndi laling'ono, chifukwa chida simuchilamula, n'chifukwa chake Usagone akhoza kukhala ngakhale ali mawu olamula.

Dzina lachiwiri linali Phulusa. Ndi labwino, koma phulusa ndi lotuwa pamene mbalameyo ndi yakuda bii, ndipo anzanu adzalidula kukhala Phulu. Lachitatu ndi Mwaye, wakuda uja womata padenga pamene utsi wadutsa. Maphatikizo awiri, lofuulika, lonong'oneka, losafanana ndi lamulo lililonse, ndipo mzimuwo ukasanduka mphaka wakuda kapena kangaude wakuda dzinalo lidzakhalabe loona. Mayi uja sanafune kuganiza zambiri tsiku limenelo. Anatola mbalameyo, manja ake anada, anaitcha chimene chinali m'manja mwake.

Pa kuyesa mwachisoni ndiima pang'ono, chifukwa ndinaona ndi maso mmene kumapwetekera. Mtsikana wina patebulo langa anatcha mmbulu wake Imfa, pofuna kuti adani azinjenjemera. Kwa miyezi ingapo zinkayenda. Tsiku lina mmbuluwo unagwa poteteza ngwazi yake pamlatho, ndipo iye anagwada, m'nkhanimo, kuti autsanzike. Anatsegula pakamwa, n'kupeza kuti chiganizo chokhacho chimene akanatha kunena ndi chakuti "Imfa wafa". Wina anaseka mosafuna, ena anatsatira, ndipo mphindi imene mtsikanayo anaikonzekera ndi mtima wonse inatayika. Nkhope yake inagwa. Kuyambira tsikulo ndimauza aliyense kuti atchule dzina la nyama yake ndi mawu akuti "wafa" asanalilembe papepala.

Yesaninso kudula. Anzanu adzalifupikitsa dzina lililonse lopitirira maphatikizo atatu, mufune musafune. Liduleni nokha kutsogolo ndi kumbuyo, mumve zotsala. Usagone amasanduka Sagone, ndipo palibe choipa. Ngati chidutswa china chikumveka ngati mawu otukwana kapena oseketsa, dziwani kuti chimenecho ndi chimene chidzakhale dzina. Pomaliza, yang'anani mayina a ngwazi za anzanu. Ngati patebulo pali kale dzina loyamba ndi Mwa-, sankhani lina, chifukwa pa phokoso la nkhondo anthu amamva phatikizo loyamba lokha.

6. Ngati ndi masewera a pakompyuta kapena pafoni, yang'anani bokosi lolembamo

Masewera ambiri amaika malire pa kutalika kwa dzina. Masewera akale a Pokémon m'Chingerezi ankalola zilembo 10 zokha, ndipo malirewo anakwera kufika 12 pa Pokémon X ndi Y mu 2013. Mdulamphepo ali ndi zilembo 11, choncho m'masewera akalewo sakanalowa, pamene Usagone ali ndi 7 ndipo Mwaye ali ndi 5. Werengani zilembo musanalikonde dzina.

Samalaninso ndi zizindikiro. Mabokosi ena amakana chizindikiro cha mu ng' ndi chilembo cha ŵ. Mukafuna Ng'oma, bokosilo likhoza kukusiyirani `Ngoma`, amene ndi mawu ena ndithu ndipo amatchulidwa mosiyana. Kumbukiraninso kuti zolemba sizionetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu: wowerenga Mtengo pa sikirini sangadziwe ngati mukunena womera kapena wogulira. M'masewera a pa intaneti dzina likhoza kukanidwa chifukwa wina analitenga kale, kapena chifukwa makina osefa mawu oipa aona chidutswa china m'kati mwake chofanana ndi mawu oletsedwa m'chinenero china. Khalani ndi dzina lachiwiri lokonzeka, ndipo musanadine batani lovomereza onani ngati masewerawo amalola kusintha dzina pambuyo pake, chifukwa ena salola. Kuwonjezera manambala kumapeto ndi njira yomaliza, chifukwa `Mwaye77` salinso khwangwala wa padenga lopserera.

7. Lilowetseni m'nkhani pa nthawi yake

Musalengeze dzina ngati chidziwitso musanayambe sewero. Dikirani mpata. Dzina la nyama lingatuluke msanga, ngwazi yanu ikaiitana koyamba pamaso pa anzake. Dzina la chida lisungeni mpaka wina afunse, kapena mpaka chidacho chichite ntchito yake koyamba. Mukhozanso kusewera kawiri kapena katatu chinthucho chilibe dzina. Nthawi zambiri chochitika cha patebulo chimapereka dzina loposa limene munakonza, ndipo zikatero musakakamire lanu.

Pa pepala la ngwazi lembani mizere iwiri pansi pa dzina lililonse, kuti mukadzabwerera patapita milungu musaiwale. Pa mlonda wathu ndalemba motere: "Usagone, mkondo. Ndinautcha ine, patapita masiku atatu mzinda utapsa, ndi mawu omaliza a mwini wake woyamba. Sindiuza munthu tanthauzo lake pokhapokha atandifunsa kawiri." Ndipo pansi pake: "Mwaye, khwangwala. Ndinamutola padenga la nyumba ya alonda. Thupi lililonse limene angatenge likhale lakuda." Mzere womalizawu muuzeninso wotsogolera, kuti tsiku limene mzimuwo udzabwere ngati mphaka asadzaufotokoze kuti ndi woyera.